Kulukana kwa Mawu mu Rapu: Rayimu Yaitali, Rayimu ya Pakati ndi Fulo Yosakakamiza

Rayimu ndi kubwerera kwa kamvekedwe komwe khutu lamva kale, pa nthawi imene khutulo likukayembekezera. Mu rapu kamvekedweka kamabwerera m'njira zingapo, koma ziwiri ndizo zimasiyanitsa wophunzira ndi katswiri. Yoyamba ndi rayimu yaitali, pamene maphatikizo awiri, atatu kapena kuposa apo amagwirizana motsatana, osati phatikizo lotsiriza lokha. Yachiwiri ndi rayimu ya pakati, pamene mawu ogwirizana amaikidwa mkati mwa mzere m'malo modikira kumapeto. Zonse ziwirizi zimatsamira pa fulo, kutanthauza mmene mawu akuyendera pamwamba pa biti: pamene akuyambira, pamene akutsindika ndi pamene woimba akupumira.

Rapu inabadwira ku Bronx, mumzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, m'madansi onga aja ankakonza DJ Kool Herc kuyambira mu 1973. Oimba oyambirira anali osangalatsa anthu ovina, ndipo mizere yawo inkayenda iwiriiwiri, rayimu ili kumapeto, kawirikawiri ya phatikizo limodzi kapena awiri. Nyimbo ya Sugarhill Gang yotchedwa "Rapper's Delight", ya mu 1979, ndi ya mtundu umenewo: womvera amadziwa pamene rayimu igwere mzere usanathe. Ena monga Kool Moe Dee anali atayamba kale kuthinitsa mizere yawo, koma amene ambiri amamutchula kuti anasintha zinthu ndi Rakim wa ku Long Island, yemwe pamodzi ndi Eric B. anatulutsa chimbale cha "Paid in Full" mu 1987. Rakim ankaimba sakisofoni ali mnyamata, ndipo wakhala akunena kuti ankafuna mawu ake aziyenda monga chitoliro cha John Coltrane. Sankakuwa monga ankachitira anzake a nthawiyo. Ankaika rayimu pakati pa mzere, n'kulola chiganizo kudutsa malire a mzere kukathera mu wotsatira. Kool G Rap wa ku Queens anatalikitsa rayimu mpaka maphatikizo angapo otsatana, ndipo njira imeneyi inadzafika kwa Nas pa chimbale cha "Illmatic" mu 1994, kwa Big Pun mu 1998, komanso kwa Eminem wa ku Detroit.

Kuti zimveke bwino, pafunika kudziwa kaye mmene biti imagawidwira. Nyimbo zambiri za rapu zimayenda m'magawo a kugunda kunayi, ndipo gawo lililonse limatchedwa baa. Ng'oma yaikulu, kiki, imalira pa kugunda koyamba ndi chapafupi ndi kwachitatu, pamene ng'oma yothetheka, sineya, imalira pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Kugunda kulikonse kungagawidwe panayi, motero baa imodzi imakhala ndi timipata 16. Kugunda koyamba kuli pa kampata 1, kwachiwiri pa 5, kwachitatu pa 9, kwachinayi pa 13. Pa biti yogunda ka 90 pa mphindi, liwiro lofala kwambiri mu rapu ya ku New York ya m'ma 1990, baa imodzi imatenga masekondi awiri ndi theka n'kapitirira pang'ono, ndipo vesi ya mabaa 16 imatha m'masekondi pafupifupi 43. Malo onse amene woimba ali nawo ndi amenewa. Phatikizo lililonse limadya kampata kake, ndipo mpweya nawo umafuna timipata take.

Chimene chimagwirizana mu rayimu yaitali ndi malembo a liwu, osati kalembedwe konse ka mawu. Khutu likamamva mawu akuthamanga pa biti limagwira msanga a, e, i, o, u ndi pamene patsindikidwa, ndipo limalekerera malembo opanda liwu. Chingerezi chili ndi mamvekedwe a liwu oposa khumi komanso maphatikizo ambiri othera ndi lembo lopanda liwu, choncho mawu ogwirizana ndendende ndi ochepa. N'chifukwa chake oimba a ku America anazolowera kugwirizanitsa malembo a liwu okha, ngakhale kupinda katchulidwe pang'ono. Eminem, pocheza ndi pulogalamu ya 60 Minutes mu 2010, anasonyeza mmene amapindira mawu a Chingerezi otanthauza lalanje, omwe anthu amati alibe anzake ogwirizana nawo, mpaka agwirizane ndi mawu ena angapo.

M'Chichewa, momwe oimba monga Gwamba, Fredokiss ndi malemu Martse adziwika nacho, vuto ndi lotembenuka. Malembo a liwu ndi asanu okha, ndipo mawu onse amathera ndi limodzi mwa iwo. Aneni ambiri amathera ndi a. Rayimu ya phatikizo limodzi, tsono, imabwera yokha ngakhale munthu akungocheza pakhonde, ndipo khutu silimaiwerengera konse. Kupinda katchulidwe nakonso sikutheka, chifukwa kulima, kulema ndi kuluma ndi zinthu zitatu zosiyana. Wosuntha lembo la liwu wasintha mawu. Palinso lamulo la kalankhulidwe lomwe aliyense amalitsata osaliganizira: pothera pa chiganizo, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika ndi kumveka kwambiri. Mu "madzulo" ndi dzu, mu "chipatala" ndi ta. Rayimu ya Chichewa imayamba kumveka kuchokera pa phatikizo limeneli, ndipo imayamba kukoma ikabwerera m'mbuyo phatikizo linanso.

Mizere yotsatirayi, yopekedwa pofuna kusonyeza ntchitoyi, ikukamba za usiku wina magetsi atathima. Wolemba wongoyamba kumene angailembe chonchi:

Magetsi athima, ine ndikulira,
Mumdima muno ndikungodikira,
Ndalama zanga zonse zandithera,
Moyo wa m'tauni ukundilemera.

Pamaso zikuoneka ngati rayimu ya maphatikizo awiri ilipo, -ira ndi -ira, -era ndi -era. Koma mawu onse anayi ndi aneni, ndipo aneni othera motero alipo mazanamazana chifukwa cha misintho ya aneni. Munthu akhoza kudzaza mabaa 16 ndi kulira, kudikira, kufikira, kupitira, osaganiza n'komwe. Womvera amazindikira msanga kuti galamala ndiyo ikugwira ntchito, osati wolemba. Choipa china n'chakuti kuti mneni akhale kumapeto nthawi zonse, mzere uliwonse ukukakamizika kukhala ndi maonekedwe amodzimodzi, ndipo nkhani sikuyenda: munthu akulira, akudikira, akudandaula, koma palibe chimene maso a womvera akuona.

Njira yabwino ndi kusiya aneni n'kufunafuna ndondomeko ya malembo a liwu atatu m'mawu a mitundu yosiyana. Mawu oti "madzulo" ali ndi a-u-o. Wolemba amalemba pambali mawu onse amene akuwakumbukira a ndondomeko imeneyi kapena yoyandikira: kandulo, malungo, mabuno, mafuko, wa dzulo, chitsulo, tulo. Ndandanda wotere umayenera kukhala wautali kuposa zofunika, chifukwa ambiri mwa mawuwa adzatayidwa. Apa ndi pamene kukakamiza koyamba kumalowera. Wolemba akaona kuti "chitsulo" akugwirizana bwino ndi "kandulo", amakopeka kulemba mzere woti mpeni wake ndi wa chitsulo. Rayimu yagwira, koma mpeniwo wachokera kuti, ndipo ukudzatani m'nyumba yamdima? Womvera aliyense amamva kuti mzerewo wabwera kudzaperekeza mawu amodzi. Poyesa, wolemba amachotsa mawu a rayimu n'kuikapo ena a tanthauzo lomwelo osagwirizana kamvekedwe. Ngati mzere watsala wopanda ntchito m'nkhani, ndiye kuti unali wokakamiza.

Pa ndandanda uja, "malungo" ndi mawu amene akubweretsa nkhani. Sakugwirizana ndendende ndi "madzulo", popeza -ngo si -lo, koma malembo a liwu ndi omwewo ndipo kutsindika kuli pamalo amodzi. Akalowa, mdima uja usanduka vuto lenileni:

Magetsi athima ngati dzulo madzulo,
Makala atha, ndalama yathera pa kandulo,
Mwana watentha thupi, mwina ndi malungo,
Nyumba yonse ili maso, palibe wa tulo.

Mzere wotsiriza ukusonyeza chida china cha rayimu yaitali: ndondomeko ya a-u-o yapangidwa ndi mawu awiri, "wa tulo". Kulumikiza mawu aafupi kuti afanane ndi mawu amodzi aatali kumatsegula khomo lalikulu, chifukwa timawu monga wa, ya, pa, kwa, ndi, tikhoza kupereka lembo la liwu losowalo popanda kupotoza chiganizo. Khutu limakondwanso kwambiri ndi rayimu yotere chifukwa silingailote. Olemba ambiri amayamba ndi mzere wotsirizawu, umene uli ndi mphamvu, n'kumabwerera m'mbuyo kukonza njira yofikira pamenepo. Akatero, mawu ofooka amakhala koyambirira, ndipo womvera amaganiza kuti rayimu yomaliza yangogwa yokha.

Papepala mizere inayiyi yatha, koma pa biti sinayesedwe. Cholinga n'chakuti phatikizo lotalika la mawu a rayimu, dzu, ndu, lu ndi tu, ligwe pa sineya yachiwiri, pa kampata 13, m'mizere yonse. Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 13. Ukayamba pa kampata 1, thi wa "athima" agwa pa 5, pa sineya yoyamba ndendende. Woimba apuma kampata kamodzi pambuyo pa "athima", ndipo dzu wa "madzulo" afika pa 13. Mzere wachitatu nawo uli ndi maphatikizo 13, koma ukayamba pa kampata 1 sineya igunda pa ntha wa "watentha", phatikizo lotsiriza, ndipo mawuwo amveka ngati akutchulidwa ndi mlendo wongophunzira chinenero. Ukachedwa kampata kamodzi n'kuyamba pa 2, te agwa pa 5, mwi wa "mwina" agwa pa 9, lu agwa pa 13, ndipo zonse zikhala m'malo mwake. Mzere wachinayi, wa maphatikizo 14, ukukwana wokha kuyambira pa 1.

Wovuta ndi mzere wachiwiri. Uli ndi maphatikizo 15. Kuti a wa "atha" agwe pa sineya yoyamba, mzere uyenera kuyamba pa kampata 2, ndipo pamenepo pakati pa "atha" ndi ndu wa "kandulo" patsala timipata 6 pomwe maphatikizo ofuna malo alipo 8. Woimba wokanirira mzere wake amawathamangitsa, n'kumeza "yathera pa" kuti afike pa sineya nthawi yake. Uku ndi kukakamiza kwachiwiri, ndipo kumamveka ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga mabaa: mawu amachita ngati apunthwa, kenaka n'kudzuka mothamanga. Mankhwala ake ndi kudula, osati kufulumira:

Makala atha, ndalama ndi ya kandulo.

Maphatikizo atsika kufika pa 13, asanu ndi limodzi apakati akwana m'timipata tawo, ndipo tanthauzo lathina bwino: kandalama komwe katsala n'kogulira kandulo basi. Mizere yonse tsopano ikuthera pa kampata 14, kusiya 15 ndi 16 opumira. Pa liwiro la 90, timipata tiwiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo pamene mzere wotsatira ukuyamba pa 2 mpatawo umakwana theka la sekondi. N'kochepa, koma n'kokwanira kukoka mpweya.

Mzere wachiwiri womwewu uli ndi rayimu ya pakati: "makala" ndi "ndalama", onse a-a-a, ndipo "atha" akuwonjezera a awiri pakati pawo. Mu mzere wachitatu "mwana" ndi "mwina" akuyankhana kumayambiriro kwa zigawo ziwiri za mzerewo. Ntchito ya rayimu ya pakati ndi kudzaza mtunda wa pakati pa sineya ndi sineya kuti khutu lisangokhala chodikira kumapeto. Imasinthanso liwiro lomveka: mawu ogwirizana akayandikana, mzere umamveka wothamanga ngakhale biti sinasinthe, ndipo akatalikirana umamveka wodekha. Za "dzulo madzulo" mu mzere woyamba, kunena zoona ndi rayimu yotsika mtengo, popeza ndi mawu a tsinde limodzi. Ikupulumuka chifukwa anthu amalankhuladi choncho.

Rayimu ya pakati ili ndi ntchito inanso imene womvera saizindikira msanga. Ndondomeko imodzi ikapitirira mabaa anayi kapena asanu ndi atatu, mawu abwino amatha ndipo wolemba amayamba kutola zinyenyeswa za pa ndandanda wake, mabuno ndi mafuko aja. Kusintha ndondomeko mwadzidzidzi nako kumadula vesi pakati. Katswiri amabzala ndondomeko yatsopano mkati mwa mizere ya ndondomeko yakale, kuti ikadzafika kumapeto a mzere khutu likhale litaimva kale. Pano a-a-a wabzalidwa mu "makala" ndi "ndalama", choncho baa yachisanu ikhoza kupitiriza motere:

Chipatala n'kutali, kulibe kabaza.

"Kabaza" watenga malo a kumapeto, "chipatala" akumuyankha kuchokera koyambirira, ndipo nkhani yasuntha kuchoka m'nyumba kupita pamsewu popanda msoko kuoneka. Mawu onga sabata, malata ndi matama akudikira mabaa otsatira, ngati nkhaniyo iwafuna.

Kukakamiza kwachitatu n'kopotoza chiganizo. Pofuna kuti mawu a rayimu akhale kumapeto, wolemba amatembenuza dongosolo la mawu n'kunena, mwachitsanzo, "thupi watentha mwana" kapena kusiya mfotokozi patsogolo pa dzina mosayenera. Chichewa chimalola kusuntha mawu kwambiri ndithu, makamaka potsindika, koma womvera amasiyanitsa kusuntha kotsindika ndi kusuntha kothawa vuto. M'gulu lomweli muli timawu tongodzazira, monga eti, aise, basi, amwene, tikaikidwa pongofuna kukwanitsa timipata. Pakamwa pa munthu amene amalankhuladi motero timakoma, koma tikamabwera pamalo amodzimodzi mzere uliwonse timaulula kuti wolemba anasowa chonena.

Palinso nkhani ya kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kamvekedwe kokha: mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana, ndipo nthawi za aneni zina zimasiyana motero. Woimba akatengera kayendedwe ka liwu ka rapa wa ku America n'kukavala pa mawu a Chichewa, amakweza pamene chinenero chimatsitsa. Kawirikawiri nkhani imathandiza womvera kudziwa tanthauzo, koma mawuwo amamveka achilendo, ndipo anthu amangoti fulo yake ndi yokopera. Chimene akumva n'chakuti nyimbo ya chinenero china yakhala pamwamba pa mawu awo.

Kuchuluka kwa rayimu nakonso kuli ndi malire. Vesi imene phatikizo lililonse likugwirizana ndi linzake imafanana ndi ndiwo zothira mchere kawiri: chimene chimayenera kukometsa ndicho chokha chikumveka. Oimba ena, monga MF DOOM pa chimbale cha "Madvillainy" cha mu 2004, anathinitsa rayimu mpaka pafupifupi mawu onse, koma iye ankatchula mosakuwa, ngati akungocheza, osatsindika rayimu iliyonse, ndipo kudekha kumeneko ndiko kunkapatsa khutu mpata. Wotsanzira kuthina kwake popanda kudekhako amatopetsa womvera m'mabaa asanu ndi atatu oyamba. Mzere umodzi wopanda rayimu ya pakati, woikidwa pambuyo pa mizere iwiri yothina, umamveka kwambiri kuposa ikanakhala itatu yonse yothina; m'chitsanzo chija mzere wa "nyumba yonse ili maso" ukugwira ntchito imeneyi.

Kukhazikika kwambiri nako kumatopetsa. Rayimu ikagwa pa kampata 13 m'mabaa onse 16, vesi imayamba kumveka ngati ndakatulo ya ana a sukulu. Dongosolo likakhazikika m'mabaa anayi oyamba, woimba akhoza kuliphwanya dala: kuchedwetsa rayimu kuti ikagwe pa sineya yoyamba ya baa yotsatira, kapena kuifulumizitsa n'kusiya kugunda kwachinayi kuli zii. Ichi ndicho chinkadabwitsa anthu mwa Rakim. Kusiyana kwa kuphwanya dala ndi kuphonya n'kwakuti wophwanya dala amabwerera pamalo pake m'baa yotsatira, ndipo phatikizo lotalika limagwabe pa kugunda kwina kwa biti, osati pakati pa timipata mwangozi.

Mayeso odalirika ndi a pakamwa. Loyamba ndi kulankhula vesi yonse popanda biti, monga munthu akufotokozera mnzake nkhani. Pamene lilime lakodwa, kapena pamene mawu akumveka osayenera kutuluka m'kamwa mwa munthu wamba, ndi pomwe pali vuto. Lachiwiri ndi kujambula mawu pa foni n'kumvetsera tsiku lotsatira, chifukwa wolemba akangomaliza kulemba amamva zimene amafuna kunena, osati zimene wanena. Lachitatu ndi kuimba vesi yonse kamodzi osaima. Mu situdiyo n'zotheka kujambula mabaa awiriawiri n'kuwalumikiza, ndipo njira imeneyi imabisa vesi yopanda malo opumira. Pa siteji chinsinsicho chimaululika: woimba amadula mawu omaliza a mzere, omwe ndi a rayimu enieniwo, kapena amawasiyira mnzake wothandizira pa maikolofoni yachiwiri. Vesi ikalephera mayeso achitatuwa, wolemba amabwerera ku timipata 16 tija, n'kuwerenga maphatikizo mzere ndi mzere, n'kuchotsa awiri kapena atatu paliponse pamene 15 ndi 16 adzadza.